Makhodi Alipo Ambiri, Nanga Nkhani Ili Pati? Momwe Ofufuza Amamangira Mfundo Zikuluzikulu Kuchokera m'Mawu a Anthu

Si kafukufuku aliyense amene amawerengera manambala. Wina amachitika pocheza ndi anthu. Wofufuza amakhala pansi ndi mlimi, namwino kapena mayi wogulitsa mandasi, n'kumamufunsa mafunso, uku kachipangizo kakujambula mawu. Akabwerako amamvetsera zojambulazo n'kulemba liwu lililonse. Macheza a ola limodzi angathe kumutengera maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti awalembe onse, ndipo amadzaza masamba makumi awiri kapena kuposerapo. Ndiye ngati wacheza ndi anthu 15, ali ndi masamba mazana angapo a mawu osasanja: madandaulo, nthabwala, kubwerezabwereza, ndi nkhani zina zongodutsa.

Njira imodzi yotchuka yopezera tanthauzo m'masamba amenewa ndi yosanthula mawu pofuna mfundo zikuluzikulu. Anthu awiri amene anaifotokoza momveka bwino ndi akatswiri a za maganizo a anthu, Virginia Braun wa ku Yunivesite ya Auckland ku New Zealand, ndi Victoria Clarke amene amaphunzitsa ku Bristol m'dziko la England. M'nkhani yomwe anasindikiza mu 2006 anaigawa ntchitoyi m'masitepe asanu ndi limodzi: kuwerenga zolembazo mpaka kuzizolowera, kuika makhodi, kufuna mfundo zikuluzikulu, kuziunikanso, kuzitanthauzira ndi kuzipatsa maina, kenako kulemba lipoti. Ophunzira ambiri amayenda bwino pa masitepe awiri oyamba. Pamene amajomba ndi pa lachitatu ndi lachinayi, pomwe makhodi ayenera kusanduka mfundo. Apa m'pamene pamaonekera ngati kafukufukuyo anena kanthu kapena angobwereza zimene aliyense ankadziwa kale.

Khodi ndi chiyani

Khodi ndi kachizindikiro ka mawu ochepa kamene wofufuza amalemba m'mphepete mwa chiganizo kapena ndime, kunena zomwe zili m'menemo. Makhodi oyamba amatchedwa otseguka chifukwa wofufuza sabwera ndi mndandanda wokonzeratu. Amawerenga mzere ndi mzere, ndipo chilichonse chokhudza funso lake amachipatsa dzina pomwepo. Kachitidwe kameneka kanachokera ku njira ina ya kafukufuku yomwe Barney Glaser ndi Anselm Strauss anaifotokoza m'buku lawo la mu 1967, ndipo lero kamagwiritsidwa ntchito ndi ofufuza a njira zosiyanasiyana.

Kuti zimveke, titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Chitsanzochi n'chongoyerekeza, pamodzi ndi mawu onse a anthu ali m'menemo, koma chikutsata momwe ntchitoyi imachitikira. Tiyerekeze kuti wophunzira wina akufuna kumvetsa chifukwa chimene amayi ena amatulukira m'magulu a banki mkhonde. Wacheza ndi amayi 15 amene anatuluka, ndipo pofuna kubisa maina awo wawapatsa manambala.

Mayi wa nambala 4 wanena kuti: "Tsiku la msonkhano likamayandikira, ine tulo ayi. Ndinapita kwa wakatapila kukatenga ndalama kuti ndikabweze kugulu. Ndinkadziwa kuti ndikudzikola, koma bola zimenezo kusiyana n'kuti anditchule dzina pamaso pa anthu."

M'mawu ochepa amenewa wophunzirayo angaike makhodi atatu: "nkhawa msonkhano ukamayandikira", "kukongola kwa wakatapila kuti abweze kugulu", ndi "kuopa kutchulidwa dzina pagulu". Taonani kuti khodi iliyonse ikunena chinthu chomveka ngakhale mutaiwerenga payokha. Akanangolemba kuti "ngongole" kapena "mantha", akanadzavutika patsogolo, chifukwa pakatha masabata atatu sakanakumbukira ngati "mantha" aja anali oopa mwamuna, oopa kulandidwa katundu, kapena oopa kusekedwa. Khodi ya liwu limodzi imasonkhanitsa zinthu zosiyana m'thumba limodzi, ndipo mfundo yomangidwa pa khodi yotere imakhala yopanda mano.

Kuyeretsa mndandanda musanayambe kusanja

Tinene kuti pomaliza macheza onse 15, wophunzirayo ali ndi makhodi 140. Chiwerengero chotere si chodabwitsa, ndipo si chizindikiro choti walakwitsa. Koma asanayambe kufuna mfundo, ayenera kuuyeretsa mndandandawo.

Poyamba aphatikize makhodi amene akunena chinthu chimodzi m'mawu osiyana. Pa macheza achiwiri analemba "kubisira mwamuna ngongole", pa achisanu ndi chinayi analemba "mwamuna sankadziwa kuti wakongola". Awa ndi amodzi. Koma asaphatikize pongoona maina. Atsegule mawu enieni ali pansi pa khodi iliyonse n'kuwawerenga, chifukwa mwina mayi wina anabisa poopa kumenyedwa, pamene wina anabisa kuti mwamunayo asamulande ndalamazo. Ngati kusiyana kumeneku kukukhudza funso la kafukufuku, makhodiwo akhale awiri.

Kenako aone makhodi amene atupa. Ngati khodi ya "mavuto ndi gulu" ili ndi ndime 40 pansi pake, ndiye kuti inasanduka potayira chilichonse, ndipo iyenera kugawidwa. Pomaliza abwerere ku macheza oyamba. Makhodi ena anawaganiza ali pa macheza a nambala 11, ndipo n'kutheka kuti mayi wa nambala 2 ananena zomwezo koma panthawiyo diso linali lisanazolowere kuziona. Akamaliza zonsezi, makhodi 140 aja angatsike kufika pa 70 kapena 80.

Ena amachita zimenezi ndi mapulogalamu a pakompyuta monga NVivo kapena ATLAS.ti, ena ndi Excel, ndipo ena amalemba khodi iliyonse pa kapepala kake n'kuyala timapepalato patebulo kapena pamphasa. Njira ya timapepala ili ndi ubwino wake: makhodi onse umawaona nthawi imodzi, ndipo ukhoza kusuntha kapepala n'kukabwezanso popanda vuto. Pulogalamu imasunga ndi kusaka mawu mwachangu, koma kuganiza kuti makhodi awa akugwirizana pati ndi ntchito ya munthu.

Msampha woyamba: kusanja m'mitu ya nkhani

Munthu akayala timapepala 75 patsogolo pake, chinthu choyamba chimene dzanja limachita ndi kuunjika tofanana. Tonse totchula ndalama kuno, totchula amuna uko, totchula malamulo a gulu apo. Pakangotha ola limodzi pali milu inayi yooneka bwino: "Mavuto a zachuma", "Udindo wa amuna", "Malamulo a gulu", "Ubale wa mamembala". Wophunzira amapuma n'kunena kuti mfundo zake zapezeka.

Koma imeneyi ndi mitu ya nkhani chabe. Ikutiuza zomwe anthu anakambapo, osati zomwe ananena. Tatengani mulu wa "Udindo wa amuna". M'menemo muli mayi amene mwamuna wake anamulanda ndalama za ngongole, mayi amene mwamuna wake anamuthandiza kubweza, ndi mayi amene mwamuna wake anamuletsa kupita kumsonkhano chifukwa cha nsanje. Chimene chikuwagwirizanitsa n'choti onse atchula mwamuna basi. Polemba lipoti, wophunzirayo adzangoti ena anati chakuti, ena anati chakuti, ndipo owerenga adzamaliza gawolo osadziwa chomwe aphunzira.

Braun ndi Clarke akhala akuchenjeza za vuto limeneli m'zolemba zawo zapambuyo pake. Iwo amasiyanitsa chidule cha mutu wa nkhani ndi mfundo yeniyeni, imene imakhala ndi ganizo limodzi lapakati lomwe likugwira makhodi onse. Zili ngati nkhuni: mulu ndi mtolo zingakhale ndi nkhuni zomwezo, koma mtolo uli ndi luzi, ndiye ukhoza kuusenza osamwazika. Ganizo lapakati ndilo luzi limenelo.

Pali njira yosavuta yodziwira kuti mwagwa mumsamphawu. Tengani pepala la mafunso amene munkafunsa, muliike pambali pa mndandanda wa mfundo zanu. Ngati munafunsa kuti "Amuna anu ankati chiyani?" ndipo muli ndi mfundo yakuti "Udindo wa amuna", ngati munafunsa za malamulo ndipo muli ndi mfundo ya malamulo, ndiye kuti mwangobweza mafunso anu m'malo mwa mayankho. Chizindikiro china n'chakuti maina amenewo mukanatha kuwalemba musanachoke panyumba kukacheza ndi aliyense.

Izi sizikutanthauza kuti milu yoyambayo n'njopanda ntchito. Imathandiza kuona zomwe muli nazo, ndipo pa kafukufuku wina, monga lipoti lachangu la bungwe lomwe likungofuna mndandanda wa madandaulo, mitu ya nkhani imakwanira. Cholakwika ndi kuitcha mfundo n'kuimira pomwepo, pamene funso la kafukufuku likufuna kudziwa chifukwa chake.

Kufuna ganizo lapakati

Tsono wophunzira wathu aphwasule milu ija, ayambenso ndi funso lina. M'malo mofunsa kuti khodi iyi ikukamba za chiyani, afunse kuti: mayiyu akamanena zimenezi, akuteteza chiyani, akuopa chiyani, akuona kuti zinthu zimayenda bwanji? Ndipo ndi makhodi ena ati amene akuonetsa zomwezo, ngakhale akukamba nkhani ina?

Atenge kapepala ka "kukongola kwa wakatapila kuti abweze kugulu". Poyamba kanali mumulu wa zachuma. Koma pa nkhani ya ndalama pokha, zimene mayiyu anachita n'zosamveka, chifukwa katapila chiwongoladzanja chake n'chokwera kuposa cha kugulu. Iye mwini ananena chifukwa chake: sankafuna kutchulidwa dzina. Ndiye kapepalaka kakukokera kwa "kuopa kutchulidwa dzina pagulu", komwe kanali mumulu wa ubale wa mamembala. Kakukokeranso kwa "kuopa kuti adzanyamula mapoto anthu akuona", komwe kanali mumulu wa malamulo. Palinso "kubisira mwamuna ngongole", "kusiya kupita kumjigo nthawi imene anzake amatunga", ndi kena kodabwitsa: "kutuluka atabweza zonse, asanalepherepo". Amayi anayi anatuluka alibe ngongole ndi imodzi yomwe, ndipo mmodzi wa iwo anati: "Ndinaona zimene zinamuchitikira mnzanga, ndiye ndinati ndichoke dzina langa likadali labwino."

Makhodi amenewa achokera m'milu inayi yosiyana, koma onse akunena chinthu chimodzi. Kwa amayiwa, chimene chili pachiswe m'gulu si ndalama zokha, komanso mbiri yawo pamudzi, ndipo kutuluka ndi njira yoitetezera. Imeneyi ndiyo mfundo. Ikufotokoza chifukwa chimene munthu angakongolere kodula kuti abweze kotchipa, komanso chimene munthu wopanda ngongole angatulukire. Mulu wa "Mavuto a zachuma" sukanatha kufotokoza ziwirizi.

Akapitiriza motero, mfundo yachiwiri ingamangike kuchokera pa makhodi monga "mwamuna anatenga ndalama za ngongole", "kukongolera mchemwali", "apongozi anadwala, mpamba unathera kuchipatala", ndi "sungamukanize m'bale akudziwa kuti walandira". Pano mwamuna, mchemwali ndi apongozi ali pamodzi, chifukwa ganizo lapakati si lakuti ndani anatenga, koma lakuti ngongole imalembedwa m'dzina la mayi mmodzi pamene ndalamazo zimagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse. Yachitatu ingachokere pa "kusowa ya masheya mu Januwale ndi Febuluwale", "chindapusa cha kujomba nthawi yopalira", ndi "kugulitsa chimanga chosakhwima mtengo kuti abweze": gulu limafuna ndalama yofanana sabata ndi sabata, pamene ndalama ya mlimi imabwera ndi nyengo.

Pali mayeso amodzi amene amathandiza kwambiri pa sitepe imeneyi. Yesani kunena mfundo iliyonse m'chiganizo chimodzi chathunthu, chokhala ndi mneni, chimene munthu wina angathe kuchitsutsa. "Udindo wa amuna" palibe angatsutse, chifukwa sichikunena kanthu. "Amayi amatuluka kuti ateteze mbiri yawo isanaonongeke" wina angathe kunena kuti ayi, si choncho, ndipo inu mungatsegule zolemba zanu n'kumuonetsa umboni. Ngati chiganizo chanu chikufuna "komanso" katatu kuti chikwanire, mwina muli ndi mfundo ziwiri kapena zitatu zimene mwazipanikiza pamodzi.

Kuunika: kuyesa kugwetsa zimene mwamanga

Mfundo zitatuzi zikadali zoyeserera. Sitepe yachinayi ndi yoziunika, ndipo imachitika pawiri.

Koyamba, wophunzirayo asonkhanitse ndime zonse za pansi pa mfundo imodzi n'kuziwerenga motsatizana, ngati nkhani imodzi. Funso n'lakuti: kodi zonsezi zikunenadi chinthu chimodzi? Powerenga ndime za mfundo ya mbiri, angapeze kuti "kubisira mwamuna ngongole" yagawikana. Amayi awiri anabisa chifukwa cha manyazi, ndipo mawu awo ali pamalo pake. Koma atatu anabisa kuti mwamuna asatenge ndalamazo, ndipo mawu awo akuyenera kupita ku mfundo yachiwiri. Katswiri wina wa kafukufuku, Michael Quinn Patton, anapereka muyezo umene ofufuza ambiri amautsata: za m'kati mwa mfundo imodzi zigwirizane, ndipo mfundo ziwiri zisiyane moonekeratu. Ngati ndime zambiri mukulephera kusankha kuti zipite ku mfundo iyi kapena iyo, ndiye kuti malire ake sanamveke, kapena mfundozo ndi imodzi.

Kachiwiri, awerengenso macheza onse 15 kuyambira pachiyambi, mfundo zitatu zija zili m'manja. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi chifukwa n'njotopetsa, koma ndi yomwe imagwira zolakwika zazikulu. Makhodi ndi tizidutswa todulidwa, ndipo chiganizo chikachotsedwa pamalo pake chikhoza kuoneka ngati chikunena zomwe mwini wake sanatanthauze. Mayi amene anati "anandinyamulira ndowa" mwina ankaseka pofotokoza, ndipo chiganizo chotsatira anati zinali zoyenera chifukwa malamulo anawavomera yekha.

Powerenganso m'pamene amakumana ndi anthu amene sakulowa m'nkhani yake. Tinene kuti mayi wa nambala 12 analandidwa katundu anthu akuona, koma anakhalabe m'gulumo chaka china chathunthu, ndipo anadzatuluka pa chifukwa china. Ngati kuopa manyazi kumatulutsa anthu, bwanji iyeyu sanatuluke? Mayesero amene amabwera ndi ongomusiya osamutchula. Wofufuza wabwino amachita zosiyana: amabwerera ku mawu ake n'kuwerenga mosamala. Mwina apeza kuti mayiyu anati: "Pamene ananyamula paja zinali zitatha, ndikanathawanso chiyani? Ndinakhala kuti aone kuti ndabweza." Ndiye kuti nayenso ankateteza mbiri, koma iye anaiteteza pokhala. Mfundo ija siinagwe, koma yasintha. Tsopano ikunena kuti kuganizira mbiri kumatulutsa amene sanachititsidwe manyazi, ndipo kukhoza kumusunga amene zamuchitikira kale mpaka atayeretsa dzina lake. Mfundo yatsopanoyi n'njolondola kuposa yoyamba, ndipo yabwera chifukwa cha munthu mmodzi amene ankaoneka ngati akusokoneza.

Nthawi zina mfundo imagweratu. Wophunzirayo mwina anali ndi yachinayi, yakuti atsogoleri a gulu amakondera. Powerenganso apeza kuti ndime zonse zisanu ndi ziwiri zachokera kwa amayi awiri a gulu limodzi, ndipo zikukamba mkangano umodzi. Imeneyo ndi nkhani ya gulu limenelo, osati chinthu choyenda m'macheza onse. Angaitchule m'chiganizo chimodzi kapena kuisiya. Padzakhalanso makhodi khumi kapena khumi ndi asanu amene sakulowa paliponse, monga a mayi amene anatuluka chifukwa anasamuka. Palibe lamulo loti khodi iliyonse ipeze malo. Kukakamiza zotsala kuti zikhale mfundo yotchedwa "Zina ndi zina" kumangoonetsa kuti munthu anachita mantha kutaya.

Kodi kuchuluka kwa anthu ndiko kumapanga mfundo?

Funso limene ophunzira amafunsa kawirikawiri n'lakuti anthu angati ayenera kunena chinthu kuti chikhale mfundo. Palibe nambala yoikika. Braun ndi Clarke ananeneratu mu 2006 kuti kufunika kwa mfundo sikuyezedwa ndi kuchuluka kwake, koma ndi zomwe ikunena pa funso la kafukufuku. M'chitsanzo chathu, amayi onse 15 angathe kunena kuti ndalama ikusowa. N'zoona, koma amayi amene akadali m'magulu nawonso ikuwasowa, choncho mawu amenewo paokha sakufotokoza chifukwa chotulukira. Pamene amayi anayi okha amene anatuluka opanda ngongole atsegula nkhani yonse.

Palinso chifukwa china chosadalira kuwerengera. M'macheza otere anthu safunsidwa mafunso ofanana ndendende, ndipo kusatchula chinthu sikutanthauza kuti munthu sanakumane nacho. Kulemba kuti amayi 9 mwa 15 anatchula manyazi sikulakwa ngati mukungofotokoza zolemba zanu, koma kusandutsa zimenezo kukhala 60 peresenti n'kumanena za amayi a boma lonse n'kunamiza owerenga. Amayi 15 aja sanasankhidwe kuti aimire aliyense. Chimene kafukufuku wotere amapereka ndi kumvetsa momwe chinthu chimachitikira, osati kuchuluka kwa anthu amene chimawachitikira.

Komabe kuona kumene ndime zachokera n'kofunika, monga taonera pa nkhani ya kukondera ija. Tebulo losavuta limathandiza: mfundo m'mizere yopingasa, manambala a anthu m'mizere yotsika, n'kuchonga pamene munthu wanenapo kanthu. Mukaona kuti mfundo yonse yatsamira pa munthu mmodzi wolankhula bwino, amene mawu ake amakoma kuwagwira, chenjerani.

Dzina, malire, ndi chiwerengero cha mfundo

Mfundo zikakhazikika, iliyonse ilembedwe tanthauzo lake m'ndime yaifupi ya mizere inayi kapena isanu: ikunena chiyani, ikuphatikiza chiyani, ikusiya chiyani, ndipo ikuyankha bwanji funso la kafukufuku. Ngati ndimeyo ikukanika kulembeka, vuto si la kalembedwe, koma mfundoyo sinapse.

Dzina lake linyamule ganizo lapakati lija. Ofufuza ambiri amatenga mawu a mmodzi mwa ocheza nawo n'kuwonjezera kufotokoza pang'ono. Yoyamba ija ingatchedwe "Ndichoke dzina likadali labwino: kutuluka ngati njira yotetezera mbiri". Yachiwiri, "Ngongole ya mmodzi, ndalama ya banja lonse". Yachitatu, "Gulu limawerenga masabata, mlimi amawerenga nyengo". Munthu wongowerenga maina atatuwa wamva kale yankho la kafukufukuyo.

Pa lipoti limodzi kapena pepala la digiri, mfundo ziwiri mpaka zisanu ndi imodzi zimakwanira. Mukaona mfundo khumi ndi ziwiri, iliyonse ili ndi timfundo tinayi pansi pake, kawirikawiri ndiye kuti makhodi angopatsidwa maina atsopano osamangidwa. Ndi bwinonso kufunsa momwe mfundozo zikukhudzirana. M'chitsanzo chathu, yachiwiri ndi yachitatu zikufotokoza momwe mayi amafikira polephera kubweza popanda kuwononga ndalama mwadala, ndipo yoyamba ikufotokoza chifukwa chimene kulepherako kumawawira mpaka munthu kuthawa kusanachitike. Zikalumikizana chonchi, lipoti limakhala ndi poyambira ndi pothera.

Dzanja la wofufuza

M'malipoti ambiri timawerenga kuti mfundo "zinatuluka" m'zolemba, ngati kuti zinali gone m'masambamo kudikira wozitola. Braun ndi Clarke amatsutsa kalankhulidwe kameneka, ndipo chitsanzo chathu chikuonetsa chifukwa chake. Amene anachotsa kapepala ka katapila mumulu wa ndalama n'kukaika pambali pa ka manyazi ndi wofufuza. Wina wa maphunziro a zachuma akanatha kumanga mfundo zina kuchokera m'macheza omwewo, zokhudza chiwongoladzanja ndi kukula kwa ngongole, ndipo nazonso zikanakhala ndi umboni. N'chifukwa chake kuyambira cha mu 2019 awiriwa anayamba kutsindika kuti njira yawo imafuna wofufuza wodziunika yekha, wodziwa zimene akubwera nazo.

Pochita, izi zikutanthauza kusunga kabuku kolembamo zosankha zonse: tsiku lakuti ndinaphatikiza makhodi awa chifukwa chakuti, ndinataya mfundo ya kukondera chifukwa yatsamira pa gulu limodzi. Zikutanthauzanso kudzifunsa mafunso ovuta. Ngati amayiwo ankaganiza kuti wofufuzayo watumidwa ndi bungwe lobwereketsa ndalama, kodi sizinawachititse kutsindika kuti anatuluka opanda ngongole? Ngati macheza anachitika m'Chichewa koma lipoti lidzalembedwa m'Chingerezi, ndi bwino kuika makhodi ndi kumanga mfundo pa mawu a Chichewawo, n'kudzamasulira ndime zokhazo zimene zilowe mulipoti, kuti zosankha za womasulira zisalowe m'malo mwa mawu a eni ake.

Ofufuza ena, makamaka a m'magulu akuluakulu a zaumoyo, amatsata njira yosiyana: amagwirizana mndandanda wa makhodi, anthu awiri n'kuika makhodi payekhapayekha, kenako n'kuyeza kuti agwirizana motani. Imeneyo ndi njira yovomerezeka pa zolinga zake, koma kugwirizana kwa anthu awiri kumangoonetsa kuti aphunzitsidwa kuona mofanana, sikutsimikizira kuti mfundo yawo ikufotokoza kanthu. Pa njira imene tafotokoza pano, mnzako amathandiza kwambiri akamakutsutsa. Mupatseni ndime khumi za pansi pa mfundo imodzi, osamuuza dzina lake, anene yekha chimene chikuzigwirizanitsa. Akanena zoyandikira ganizo lanu, mfundoyo yagwira. Akangoti zonsezi zikukamba za banki mkhonde, bwererani ku timapepala tija mukayalenso.